Fayilo ya malipiro yapita kwa Moyo wolakwika Lachisanu madzulo: a mu ofesi tiwaphunzitse bwanji?

Tadala: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi pempho. Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina ku Graniteside, kuno ku Harare. Tonse tilipo 62, koma okhala pa kompyuta tsiku lonse tilipo 14. Abwana andiuza kuti ndikonze maphunziro a kasungidwe ka zinsinsi za anthu. Chaka chatha tinaitana munthu wina, anayankhula maola atatu akuonetsa zolemba pakhoma, aliyense anasayina kuti wamva. Sabata yomweyo ndinapeza makope a ziphaso za anthu asanu atangosiyidwa pa pulintala kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Zinandiwawa kwambiri. Chaka chino ndikufuna tiphunzire pogwiritsa ntchito nkhani zochitika mu ofesi. Ndalemba mafunso 10, lina ndi ili: "Munthu wosamudziwa waimba foni, akuti umupatse pasiwedi yako. Umupatsa kapena ayi?" Kodi ndili pa njira?

Che Juma: Mwachita bwino mwana wanga, anthuwa atha ife. Mwezi wathawu wina anandiimbira akuti wanditumizira ndalama molakwitsa pa foni, ndimubwezere. Ndikanapanda kufunsa mdzukulu wanga bwenzi nditatumiza. Maphunziro anuwo muchitira kuti? Ife a ku Mbare tingabwere?

Tadala: Pepani Che Juma, awa ndi a kuntchito kwathu kokha. Nkhani yake si ya ndalama zathu za m'foni, koma za zinthu za anthu ena zomwe timasunga mu ofesi, monga manambala a ziphaso, malipiro, makalata a kuchipatala ndi komwe munthu amakhala.

Che Juma: Oho, ndamva tsopano. Ndikhala chete ndizimvera.

A Mwale: Tadala, funso lakolo palibe amene angalilakwe, ndiye silikuphunzitsa kanthu. Ine ndimagwira ntchito yomweyi pa kampani ina ku Msasa, ndine amene anandisankha kuyang'anira zoteteza zinsinsi za anthu, uja amati DPO. Pa zaka zomwe ndakhala pa ntchitoyi sindinaonepo chinsinsi chikutuluka chifukwa munthu woopsa waimba foni n'kunena poyera kuti akufuna kuba. Chimatuluka kudzera mwa munthu wabwino amene akufulumira, kapena amene akuchita manyazi kukaniza wamkulu, kapena wagwidwa ndi chisoni. Nkhani yophunzitsira izikhala yoti munthu akaimva mtima ugawike pawiri, mbali ina ikuti thandiza, ina ikuti dikira. Ukawerenga nkhani n'kuona onse 14 avomerezana nthawi yomweyo, itaye, lemba ina.

Tadala: Ndiye mungandipatseko chitsanzo, abambo? Ndikayesa kuganiza ndekha zonse zikutuluka zophweka.

A Mwale: Ndikupatsa imodzi yomwe ndimaikonda. Uilembe pa timapepala titatu, ndipo usapereke tonse nthawi imodzi. Pepala loyamba likhale chonchi. Ndi Lachisanu, 4:25 madzulo. Iwe ndiwe mlembi wa malipiro. Abwana aimba ali pa msewu wa ku Bulawayo, akuti a inshuwalansi ya maliro akufuna mndandanda wa antchito onse lero lomwe, apo ayi anthu atsopano salowa mwezi uno. Akufuna dzina, nambala ya chiphaso ndi tsiku lobadwa. Zonsezi uli nazo kale mu fayilo ya Excel ya malipiro, koma momwemonso muli malipiro a aliyense, nambala ya akaunti ya ku banki, ngongole zomwe akudulidwa, ndi mzere wina wosonyeza amene khoti linalamula kuti azidulidwa ndalama ya chisamaliro cha ana. Kombi yako imadzaza 5 koloko. Utani? Awerenge, aliyense alembe yekha yankho lake mwakachetechete kwa mphindi ziwiri, kenako akhale atatuatatu kapena anayianayi akambirane.

Chikondi: Apa ndi pophweka ankolo. Mizere yosafunikayo ungoyibisa ndi Hide, kenako uyike pasiwedi pa Protect Sheet kuti asayitsegule, n'kutumiza. Mphindi zitatu zakwana, kombi waipeza. Ine ndili mbali ya makompyuta kwathu ku Southerton, timatero nthawi zambiri.

A Mwale: Chikondi, wandithandiza, chifukwa yankho lakoli ndi lomwe limatuluka pafupifupi nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yabwino. Wakhoza poona kuti a inshuwalansi sakuyenera kuona malipiro. Koma kubisa si kuchotsa. Munthu akalandira fayiloyo amaona zilembo za pamwamba zalumpha kuchoka pa D kufika pa K, amadziwiratu kuti pakati pali kanthu. Ndipo Protect Sheet ntchito yake ndi kuletsa munthu kusintha zolembedwa mwangozi, sikiya fayilo. Zomwe wabisazo zikadali momwemo, ngakhale wina atalemba mu fayilo ina fomula yolozera ku F5 ya fayilo yakoyo amaziona. Njira yake ndi kutsegula fayilo yatsopano yopanda kanthu, kukopera mizere itatu yokhayo, n'kuyimata ngati Values kuti isanyamule mafomula olozera ku fayilo yakale. Ukatero upite pa File, Info, Protect Workbook, Encrypt with Password. Imeneyo ndiye imakiyadi. Pasiwediyo usailembe mu imelo yomweyo, uwaimbire foni n'kuwauza pakamwa.

Pa tsiku la maphunziro usangowauza zimenezi. Ukonzeretu fayilo ya mayina opeka, ubise mizere monga wanenera Chikondi, uyike pa laputopu, n'kuuza mmodzi wa iwo kuti apeze malipiro a abwana opekawo. Akawapeza pamaso pa anzake, sadzaiwalanso.

Chikondi: Chabwino, pa Protect Sheet ndavomera. Sindinkaganiza za fomula yochokera kwina.

Mayi Nabanda: Ine ndisanamve pepala lachiwiri ndiloleni ndinene yanga, chifukwa mpaka lero imandisowetsa tulo. Ndinali pa tebulo lolandirira alendo pa ofesi ina mutauni muno. Kunabwera bambo wina wovala bwino, waulemu, n'kunena kuti ndi mlongo wake wa mtsikana wina amene tinkagwira naye ntchito. Anati mayi awo amwalira kumudzi, foni ya mtsikanayo sikugwira, ndipo iye sadziwa komwe anasamukira. Tsiku limenelo mtsikanayo sanabwere. Ine kumva za maliro ndinangotsegula fayilo n'kumulembera adiresi pa kapepala. Ndinaonanso ngati ndachita chinthu cha umunthu. Kunalibe maliro. Anali mwamuna wake amene ankamumenya, mtsikanayo atathawa n'kukabisala ku Dzivarasekwa. Usiku womwewo anamupeza. Mwamwayi eni nyumba anamulanditsa, koma anasamukanso, ndipo patapita miyezi iwiri anasiya ntchito. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. Palibe amene anandiuzapo chomwe ndikanayankha bambo uja. Ankangoti "musamapereke zinsinsi", koma pamaso pa munthu wolira maliro mawu amenewo sanandifikire n'komwe.

Tadala: Amayi, pepani kwambiri. Zikomo kuti mwatiuza.

A Mwale: Mayi Nabanda, mwanena chinthu chenicheni. Lamulo munkalidziwa, chomwe munalibe ndi mawu apakamwa. Tadala, nkhani iliyonse ya pa foni kapena ya pa khomo izitha ndi anthu awiri kuimirira n'kuisewera, wina akhale mlendo, wina wolandira alendo, mpaka mawu atakhazikika. Kwathu tinagwirizana akuti: "Pepani ndi zovutazi. Adiresi kapena nambala ya munthu sitipereka, koma ndisiyireni nambala yanu, ndimufikira ine pompano kuti akuimbireni." Mwamuthandiza mlendo ngati ali woona, ndipo simunatulutse kanthu ngati ali wabodza. Ndipo musatsimikize n'komwe kuti lero wabwera kapena sanabwere. Wosewera mlendoyo umuuze kuti akakamire, akwiye, anene kuti "mukundiyesa wakuba ine?" Pamenepo ndi pomwe anthu amagonjera, ndiye ayesere pomwepo kawiri katatu.

Koma nkhani ya amayiyi usaitenge momwe ilili. Ngati kuntchito kwanu kunachitikapo zofanana, sintha zonse: dipatimenti, mwezi, ngati anali mwamuna akhale mkazi. Anthu 14 amadziwana. Akangozindikira kuti ukunena za uje, maphunziro a zinsinsi asanduka malo oulula chinsinsi.

Agogo Phiri: Ana inu, ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri ndisanapume, ndipo apa sindikumvetsa. Ife kuno ndife obwera, makolo athu anachokera ku Dedza, ku Mangochi, ena ku Tete. Uthenga wa maliro unkatipeza kudzera ku ntchito, chifukwa adiresi yomwe kumudzi ankaidziwa inali ya kampani. Munthu ankafika pa geti n'kuperekezedwa mpaka ku Mufakose. Lero mukuti wobwera ndi uthenga wa maliro tizimuyesa chigawenga? Mutu umodzi susenza denga. Mwana wanga Nabandayu anakumana ndi munthu woipa mmodzi, koma abwino ndi ochuluka.

Mayi Nabanda: Agogo, abwino ndi ochulukadi. Koma pa tebulo paja sindikanatha kusiyanitsa. Anali ndi nkhope ya munthu woferedwa.

A Mwale: Agogo, ulemu wanu. Sitikumubweza munthuyo chimanjamanja. Timpatsa mpando ndi madzi, ife n'kuimbira mwini wake kapena m'bale amene iye analemba yekha pa fomu kuti tizimuimbira pakagwa zadzidzidzi. Masiku anu kunalibe njira ina yomufikira munthu msanga. Lero ilipo.

Agogo Phiri: Nanga foni zonsezo zikapanda kugwira? Mtembo ukudikira ku Parirenyatwa, munthu ali pa geti.

A Mwale: Pamenepo wa ku ofesi apite yekha kunyumbako kukanena, kapena atume dalaivala, mlendoyo atsale. Ndikudziwa kuti si makampani onse angachite zimenezo.

Agogo Phiri: Ndiye mwaona. Ine ndikadali ndi mafunso, koma pitirizani.

Tadala: Funso la agogoli ndilitenga momwe lilili, ndikaliponye kwa anthu anga. Abambo Mwale, pepala lachiwiri.

A Mwale: Pepala lachiwiri ulipereke magulu atatha kunena zomwe angachite pa loyamba. Likuti: unasankha njira yachidule, unabisa mizere n'kutumiza. Nthawi ili 4:40. Ukutseka kompyuta, waona mu Sent Items kuti imelo sinapite kwa Moyo wa inshuwalansi. Utangolemba "Mo" pa To, Outlook inakubweretsera Moyo wina, amene amatigulitsa matayala, adiresi yake ya Gmail, iwe n'kudina osayang'ana. Fayilo ya anthu 62 ili m'manja mwake. Mu ofesi mwatsala iwe ndi mnzako mmodzi. Funso ndi lakuti, m'mphindi 10 zikubwerazi uchita chiyani, ndipo choyamba n'chiti?

Chikondi: Recall This Message msangamsanga asanaitsegule. Zikatheka nkhani yatha. Zikakanika, lamulo limapereka maola 72 kuti unene, ndiye Lolemba m'mawa nthawi ikadalipo, munthu utha kupita kunyumba n'kukaganiza bwino.

A Mwale: Apa pali zinthu ziwiri, ndipo zonse ndimazimva kawirikawiri. Recall imagwira ntchito ngati wolandirayo ali m'kampani mwanu momwemo, pa Exchange kapena Microsoft 365 imodzi. Imelo ikatuluka kupita ku Gmail yapita, sungaibweze. Choopsa chake n'chakuti munthu amadina Recall, mtima n'kukhala pansi, osauza aliyense. A Gmail nawonso ali ndi Undo Send, koma imadikira masekondi osapitirira 30 basi.

Za maola 72 wazitenga ku lamulo la ku Ulaya lija la GDPR, ndipo mabuku ambiri ophunzitsira omwe anthu amakopera pa intaneti ndi a kumeneko. Kuno ku Zimbabwe lamulo lathu ndi Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo amene amaliyang'anira ndi POTRAZ. Limati zinsinsi zikatuluka, kampani idziwitse POTRAZ pasanathe maola 24. Malamulo owonjezera a mu 2024, aja a SI 155, ndi amene anabweretsa za malayisensi, za kusankha DPO, ndi fomu ya DP3 yonenera zoterezi. Maola 72 alimo ndithu, koma ndi odziwitsira eni zinsinsiwo ngati zomwe zatulukazo zingawaike pa ngozi yaikulu. Tsono werenga wekha. Wadziwa Lachisanu 4:40 madzulo. Maola 24 akutha Loweruka 4:40 madzulo. Ukadikira Lolemba 8 koloko m'mawa papita maola oposa 63. N'chifukwa chake nkhaniyi ndinaiika dala Lachisanu.

Chikondi: Koma ankolo, Loweruka maofesi a boma amakhala otseka. Sawerenga masiku a ntchito okha?

A Mwale: Lamulo likunena maola, ndiye ine ndimawerenga maola. Fomu imapita pa imelo, sufunika kukagogoda ku maofesi awo ku Mount Pleasant. Kuli bwino kutumiza zomwe ukudziwa nthawi isanathe n'kuwonjezera zina pambuyo.

Koma Tadala, anthu ako 14 asasenze zonsezi. Mlembi si amene amalembera POTRAZ. Chake iye ndi chimodzi: kuimbira DPO foni nthawi yomweyo, osati kutumiza uthenga n'kukwera kombi. Akamaimba akhale ndi zinthu zinayi m'manja, nthawi yomwe imelo inapita, adiresi yomwe yalandira, zomwe zili mu fayilo kuphatikizapo zobisika zija, ndi chiwerengero cha anthu. Ndipo asafufute imeloyo mu Sent Items. Ambiri amafufuta ndi mantha, pomwe umenewo ndiwo umboni wotiuza kukula kwa vuto. Pa maphunziro ndimawafunsa kuti atulutse foni zawo andionetse nambala ya DPO. Amene alibe amaisunga pomwepo.

Tadala: Apa mwandigwira. Kwathu DPO ndi akauntanti wamkulu, ndipo sindikukhulupirira kuti onse akudziwa zimenezo. Ndiponso akapita kutchalitchi Loweruka foni amathimitsa tsiku lonse.

A Mwale: Ndiye nkhaniyi yakupezera kale bowo maphunziro asanayambe. Pakhale munthu wachiwiri woimbiridwa, dzina lake lilembedwe. Zimenezi ukonze ndi abwana usanaitane anthu, chifukwa akakufunsa kuti "nanga akapanda kuyankha?" uyenera kukhala ndi yankho.

Esnati: Ine ndili ndi yanga yosiyana pang'ono. Ndimagwira pa sukulu ina ya mkaka ku Highfield. Aphunzitsi akadwala amajambula kalata ya kuchipatala n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la ogwira ntchito, tilipo 19. Sabata yatha wina anaponya kalata yoonetsa dzina la mankhwala omwe amamwa, aliyense anadziwa matenda ake. Anachita Delete for everyone patapita ola, koma ena zinali zitalowa kale mu Gallery. Apa wolakwa ndani, poti anaponya yekha?

A Mwale: Wolakwa si iye. Vuto ndi la sukulu yomwe sinampatse khomo lina loperekera kalata. Za umoyo wa munthu lamulo limaziika m'gulu la zinsinsi zofunika kusamalidwa mwapadera. Kalata izipita kwa munthu mmodzi, pa gulu pazingolembedwa kuti uje sabwera lero.

Esnati: Koma ife tikamva kuti mnzathu wagonekedwa timasonkha ndalama n'kukamuona. Tikapanda kudziwa tidzaoneka ouma mtima.

Mayi Nabanda: Mumufunse mwini wake kuti tiwauze anzanu kapena ayi, ndipo tiwauze chiyani. Ena amafuna kuonedwa, ena safuna.

Esnati: Akakhala kuti wakomoka sangayankhe. Komanso amene wakana kuti tisanene, mawa amadandaula kuti simunabwere kudzandiona. Zimachitika.

Tadala: Iyinso ndiilemba, ngakhale sindikudziwa yankho lomwe ndidzapereke pomaliza.

A Mwale: Si nkhani zonse zofunika yankho limodzi. Koma uzisiyanitsa. Pali zomwe kampani yagamula kale, monga kuimba foni nthawi yomweyo, pamenepo usasiye anthu akuganiza kuti aliyense ali ndi maganizo ake. Ndiye pali zina ngati ya Esnatiyi, zomwe gulu likhoza kugwirizana lokha njira yake. Ukasakaniza ziwirizi anthu amatuluka akuti zonse n'zokambirana.

Pepala lachitatu ndi lomwe limandiuza ngati anthu amvadi. Likuti: nthawi ili 5:10. Moyo wa matayala wayankha, "Ndaona kuti si yanga, ndafufuta, musadandaule." Mnzako uja akuti, "Waona, zatha. Ukanena udzangodziitanira kalata ya chenjezo, ndipo anthu akadziwa kuti malipiro awo anatuluka udzayenda bwanji muno?" Foni ya DPO sikuyankhidwa. Utani?

Chikondi: Kunena zoona, ine apa ndikanakhala chete. Munthu wafufuta, ndi munthu wodziwika, palibe wavulala.

A Mwale: Zikomo ponena zoona, ndipo pa maphunziro munthu akayankha chonchi usamudzudzule, chifukwa wanena zomwe theka la chipinda likuganiza. Ufunse gulu kuti tikudziwa chiyani ndipo tikungokhulupirira chiyani. Tikudziwa kuti anaitsegula imeloyo, poti wayankha. Sitikudziwa ngati anatsegula fayilo. Mu Gmail chomwe wafufuta chimakhala mu Trash masiku 30. Ngati anaitsegulira pa foni, kope ikhoza kukhala mu Downloads. Mwina imelo ya bizinesi yakeyo amaiwerenganso mkazi wake kapena mnyamata wa pa shopu. Ndipo taganiza zomwe zili m'katimo: dzina, nambala ya chiphaso, tsiku lobadwa, akaunti ya ku banki ndi malipiro. Zimenezi pamodzi n'zokwanira kuti wina ayesere kutenga ngongole m'dzina la munthu, kapena kumuimbira akunamizira kuti ndi wa ku banki, n'kumutchulira zonse molondola mpaka akhulupirire.

Che Juma: Eya! Ngati uja anandiimbira ine. Ankadziwa dzina langa lonse, n'chifukwa chake ndinatsala pang'ono kumukhulupirira. Ndinkadabwa kuti analitenga kuti.

A Mwale: Mwaona Che Juma, nkhani yanu ija yalowa. Sitingadziwe komwe analitenga, koma zinthu zotere zimayambira pa mndandanda womwe unatuluka penapake. Ndiye kugamula kuti ngoziyo ndi yaikulu kapena yaing'ono si kwa mlembi, si kwa mnzake, si kwa Moyo. DPO ndi amene amalembera Moyo kuti atsimikize polemba kuti wafufuta mu Inbox, mu Trash ndi mu foni, ndiponso kuti sanatumizire wina. Yankho la Moyo limachepetsa ngozi, ndipo limalembedwa mu lipoti, koma silifafaniza kuti chinthucho chinachitika. Apa ndi pomwe ndimawabwezera ku pepala loyamba. Fayilo ikanakhala ya mizere itatu yokha, yokiyidwa, pasiwedi ili m'mutu mwa mlembi, Moyo akanalandira chinthu chosatseguka. Tikanalembabe m'buku la zochitika, koma anthu 62 sakanakhala pa ngozi imeneyi.

Mayi Nabanda: Koma abambo Mwale, mnzake uja sakunama. Malo ambiri ukadziulula umalangidwa. Ine nditanena za adiresi ija ndinaitanidwa pamaso pa anthu atatu ngati wakuba. Amene anaona zimenezo mukuganiza kuti anadzanenanso kanthu?

A Mwale: Sakunamadi, ndipo pamenepa maphunziro paokha sangathe. Tadala, usanachite chilichonse ukapemphe abwana kuti adzanene ndi pakamwa pawo, pamaso pa onse, kuti wolakwitsa mwangozi n'kunena msanga sadzalangidwa chifukwa chonena, koma wobisa ndiye adzayankha. Akakana kunena zimenezo, pepala lachitatulo usaligwiritse ntchito, chifukwa udzakhala ukuwalonjeza anthu chinthu chomwe kulibe. Ndipo akanena, atuluke kapena akhale kumbuyo osayankha mafunso. Bwana akayamba kuyankha, onse amangotsatira.

Tadala: Nanga ndidzadziwa bwanji kuti zagwira? Chaka chatha tinali ndi mapepala 14 osayinidwa, koma ziphaso zinali pa pulintala.

A Mwale: Usayese ndi mayeso olemba. Patapita milungu iwiri kapena itatu, mogwirizana ndi abwana, upemphe munthu amene mawu ake sadziwika aimbe pa ofesi, anene kuti ndi wa kampani yobwereketsa ndalama, akufuna kutsimikiza malipiro a wantchito wina. Umve zomwe ayankhidwe. Yoyenera ndi yakuti atumize pempho polemba, limodzi ndi chilolezo chosayinidwa ndi mwini wake. Uziyendanso nthawi ya nkhomaliro kuwerenga makompyuta osiyidwa osakiya, poti kudina Windows ndi L sikutenga nthawi, ndi mapepala otsala pa pulintala. Uzilemba chiwerengero chokha, osati mayina. Chinanso chomwe chimadabwitsa mabwana: maphunziro akagwira, malipoti a zolakwika amayamba achuluka. Sikuti anthu ayamba kulakwitsa kwambiri, koma ayamba kunena. Uwachenjezeretu abwana, angadzaganize kuti waononga zinthu.

Chikondi: Foni yoyesera ija ine sindikugwirizana nayo. Kwathu anatiyesapo ndi imelo yabodza, anthu anakwiya, ankati akutitchera msampha. Mpaka lero ena sakhulupirira uthenga uliwonse wochokera ku ofesi yathu ya makompyuta, ngakhale woona.

A Mwale: Zimatengera kuti munawauziratu kapena ayi, ndi zomwe munachita kwa amene anakodwa. Ine ndimalengeza pa maphunziro pomwepo kuti mwezi uno kubwera foni yoyesera, ndipo palibe dzina lidzatchulidwe.

Chikondi: Ngakhale choncho, wolandira alendo ndi mmodzi. Dzina lidziwika basi. Ine chomwe ndingathandize ndi ichi: mu Outlook ya pa kompyuta mutha kuika lamulo pa Rules loti imelo iliyonse izidikira mphindi ziwiri mu Outbox isanatuluke, pamalembedwa kuti defer delivery by a number of minutes. Mlembi wanu uja akanazindikira msanga akanaigwira. Komanso dzina lolakwika likatulukira pa To, pali kachizindikiro ka X pambali pake kolichotsera kuti lisadzabwerenso.

A Mwale: Imeneyo ndi yabwino, ionetse pa tsikulo. Ingokumbukira kuti mu nkhani yathu anazindikira patapita mphindi zingapo, ndiye siyigwira zonse. Za wolandira alendo wanena zoona, sindinaganizepo bwino pa ofesi yaing'ono ngati ya Tadala.

Tadala: Ndiye ndachotsa mafunso 10 aja. Ndiyamba ndi nkhani ya Moyo yokha, mphindi 45, Lachitatu m'mawa anthu asanatope. Ya mlendo wa maliro idzakhala mwezi wamawa, ya kalata ya kuchipatala mwezi winawo. Mawa ndikaonana ndi abwana za munthu wachiwiri woimbiridwa ndi za mawu aja oti adzanene. Za foni yoyesera ndikayamba ndafunsa mayi wa pa tebulo lathu ngati angavomere. Achimwene Chikondi, mungandikonzere fayilo ya mayina opeka 62 yokhala ndi mizere yobisika? Musatenge mayina a anthu enieni, ngakhale a pa gulu lino.

Chikondi: Ndikutumizirani Lolemba madzulo, achemwali. Ndibisamonso tsamba lonse lathunthu kuseri, tione ngati wina adzaganize zodina Unhide pansi paja.

Agogo Phiri: Tsiku la nkhani ya maliro mudzandiuze, mwana wanga. Ngati abwana ako angalole, ndidzabwera ine kudzakhala mlendo wa pa getiyo.